Kuphunzitsa ana a sukulu pa foni kumene netiweki ndi yofooka: malangizo kwa mabanja a ku Nsaru ndi madera oyandikana nawo

Mawu oyamba

Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa korona, aphunzitsi ena m'dziko muno anayamba kutumizira ophunzira awo ntchito pa foni, ndipo ngakhale sukulu zinayamba kutsegulidwanso mu Seputembala chaka chomwecho, chizolowezi chophunzira pa foni sichinathe. Mphunzitsi wopuma pa ntchito, wachinyamata amene anakhoza bwino mayeso a MSCE, kapena wophunzira wa ku koleji amene ali pa tchuthi kumudzi, angathe kupeza ndalama pophunzitsa ana ali pakhomo pake ku Nsaru, ku Kabudula kapena ku Nambuma. Chovuta n'chakuti njira yodziwika kwambiri, yoonana pa kanema kwa ola lathunthu, inakonzedwera malo a netiweki yamphamvu ndi magetsi osathimathima, pamene m'midzi yotalikira nsanja za mafoni netiweki imabwera n'kupita. Kabuku kano kakufotokoza njira imene imapirira vutoli, yomwe ndi kumanga phunziro pa mawu ojambulidwa ndi zithunzi za pa pepala, ndipo kakutenga masamu a Fomu 4 monga chitsanzo, chifukwa ndi phunziro limene makolo ambiri amafunira ana awo thandizo lapadera.

Chifukwa chimene kanema amakanikira

Pamwamba pa foni, pafupi ndi timizere tosonyeza mphamvu ya netiweki, pamaoneka chilembo chimene chimanena mtundu wa intaneti imene foniyo yagwira pa nthawiyo. Chilembo E chimatanthauza intaneti yakale ndi yochedwa kwambiri, yomwe imakwanitsa kutumiza mauthenga olemba, mawu ojambulidwa afupiafupi ndi zithunzi zopepuka, koma siingasenze kanema. Chilembo H kapena H+ ndi cha intaneti yapakatikati, imene munthu angayimbirepo foni ya pa WhatsApp mawu n'kumamveka, pamene 4G kapena LTE ndiyo imene kanema amayendapo bwino ngati anthu sanachulukane. Timizere todzaza tisanyenge munthu, popeza timangosonyeza kuti foni ikumvana ndi nsanja, koma sitinena kuti nsanjayo ili ndi mpata wotani. N'chifukwa chake intaneti imachedwa madzulo, anthu ambiri akaweruka ndi kutsegula mafoni awo, ndiponso pa tsiku la msika, ngakhale timizere titadzaza.

Kusiyana kwa kuyimbirana ndi kutumizirana kuli pa nthawi. Anthu akamaonana pa kanema kapena kulankhulana pa foni, mawu ndi zithunzi ziyenera kufika nthawi yomweyo, kotero netiweki ikaduka kwa kamphindi kochepa, chiganizo cha mphunzitsi chimatayika ndipo wophunzira sachimvanso. Uthenga wojambulidwa umadikira m'foni mpaka netiweki itabwerera, kenako n'kupita wonse wathunthu, ndipo wophunzira angaumvere kangapo popanda kuwononga deta ina. Deta ndi muyeso wa zinthu zodutsa pa intaneti, umene umawerengedwa m'mamegabaiti, olembedwa mwachidule kuti MB, ndipo pafupifupi MB 1,000 amapanga gigabaiti imodzi, yolembedwa kuti GB. Kanema wa pa Zoom wa anthu awiri amafuna liwiro la 600 kbps potumiza ndi polandira pomwe, zomwe zikutanthauza kuti ola limodzi lingathe kudya deta yofika MB 500, komanso msonkhano waulere umaduka pakatha mphindi 40. Mawu ojambulidwa pa WhatsApp a mphindi imodzi safika theka la MB imodzi, ndipo chithunzi cha pepala chotumizidwa mwa nthawi zonse chimakhalanso chochepera pamenepo.

Kukonza foni ndi malo

Asanalandire wophunzira aliyense, mphunzitsi ayenera kutenga sabata imodzi akuyesa netiweki ya pakhomo pake, m'mawa, masana ndi madzulo, pa Airtel ndi pa TNM pomwe, chifukwa kampani imene imagwira bwino pa msika wa Nsaru ingathe kukhala yofooka kumudzi wa kuseri kwa chitunda kapena wa m'mbali mwa dambo. Kuyesa kwake n'kosavuta: atumize chithunzi chimodzi kwa mnzake ndi kuwerenga masekondi amene kachizindikiro ka wotchi kamatenga kuti kasanduke chongi. Chongi chimodzi chimatanthauza kuti uthenga wachoka m'foni yake, ndipo machongi awiri amatanthauza kuti wafika m'foni ya wolandira. Malo amene chithunzi chimachoka msanga, kaya ndi pakhonde, pawindo kapena pabwalo, ndiwo ayenera kukhala ophunzitsirapo, ndipo ola limene netiweki imayenda bwino ndilo liyenera kukhala lotumizira zinthu zolemera. Nyumba ya malata ndi makoma a njerwa zootcha zimafooketsa netiweki, choncho m'kati mwa chipinda si malo odalirika.

Deta yambiri imatha mwakachetechete, mwini foni asakudziwa, ndipo zimenezi zimatsekeka pa malo atatu. Mu WhatsApp, pa Settings kenako Storage and data, mphunzitsi ndi ophunzira ayatse Use less data for calls, kuti foni ya mawu izidya deta yochepa. Pa malo omwewo, pansi pa Media auto-download, achotse machongi onse pa When using mobile data, kuti makanema a m'magulu ena asamatsike okha. M'makonzedwe a foni yeniyeni ayatse Data Saver, imene imaletsa mapulogalamu ena kudya deta mseri. Pali bandulo zina zimene zimagwira pa WhatsApp pokha, ndipo nthawi zambiri zimatsika mtengo poyerekeza ndi bandulo za intaneti yonse, koma sizitsegula Zoom kapena masamba ena, ndipo ichi ndi chifukwa china chosungira phunziro lonse pa pulogalamu imodzi.

Moto wa foni uyenera kuganiziridwanso nyengo ya mvula isanafike. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale mitambo imachepetsa mphamvu ya sola, ndipo foni imene ili pa netiweki yofooka imatha batire msanga chifukwa imalimbana ndi kufunafuna nsanja. Mphunzitsi wopanda magetsi a ESCOM afunika pawabanki, yomwe ndi batire yapadera yotchajira foni, ndipo aziitchaja dzulo lake la tsiku la phunziro.

Kupeza ophunzira

Ophunzira oyamba kawirikawiri sachokera pa intaneti, koma kwa anthu amene akumudziwa kale mphunzitsiyo. Kholo silipereka ndalama kapena nambala ya mwana wake kwa mlendo, motero mbiri yochokera kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu, kwa akuluakulu a mpingo kapena mzikiti, kwa a banki m'khonde kapena kwa a kalabu ya alimi imaposa chilengezo chilichonse. Magulu atatu ndiwo ali ndi chosowa chenicheni. Loyamba ndi la ophunzira a Fomu 4 a m'sukulu zoyendera za m'madera, kumene aphunzitsi a masamu ndi sayansi amaperewera. Lachiwiri ndi la obwereza mayeso a MSCE ali kunyumba kapena ali pa ntchito, amene akufuna kukweza magiredi awo, popeza kulowa m'mayunivesite a boma kumafuna makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo kirediti imayambira pa giredi 6 kupita ku 1. Lachitatu ndi la ana amene makolo awo ali ku Joni kapena m'tauni, omwe amatumiza ndalama kumudzi ndipo amafuna umboni woti mwana akuphunziradi. Ana a Sitandade 8 angathandizidwenso, koma iwo amadalira foni ya kholo, ndipo phunziro lawo liyenera kuikidwa pa nthawi imene kholo lili pakhomo.

Uthenga wodzitsatsa ukhale waufupi ndi wonena zoona zokhazokha: phunziro lake, kalasi, masiku ndi ola, mtengo wa pa mwezi, maphunziro amene mphunzitsi ali nawo, ndi deta imene wophunzira adzafune. Mphunzitsi asalonjeze kuti mwana adzakhoza, chifukwa kukhoza kumadaliranso khama la mwanayo. Njira yabwino yokopera makolo ndi sabata imodzi yaulere, imene imayamba ndi mafunso khumi otengedwa m'mapepala a mayeso akale a MANEB, bungwe loyendetsa mayeso m'dziko muno. Mafunsowa amaonetsa pamene mwana akupunthwa, amaonetsanso ngati foni ndi netiweki za kwawo zingakwanitse, ndipo malikisi ake amasungidwa kuti adzayerekezedwe ndi a kumapeto kwa teremu. Gulu limodzi lisapitirire ophunzira asanu ndi atatu, chifukwa malire enieni a ntchitoyi ndi chiwerengero cha mapepala amene munthu mmodzi angachonge mosamala tsiku lomwelo.

Kukhazikitsa mtengo

Ambiri amatchula mtengo pongomva zimene ena amalipiritsa pa patitayimu, ndipo pakutha pa mwezi amadabwa kuti ndalama yonse yathera ku mayunitsi. Mtengo woyenera umachokera pa zinthu ziwiri, zomwe ndi ndalama zimene ntchitoyo imadya ndi maola onse amene imatenga, kuphatikizapo a kukonzekera ndi a kuchonga, amene kholo siliwaona. Ziwerengero zotsatirazi ndi zongoyerekezera pofuna kuonetsa kawerengedwe kake, ndipo aliyense aikemo mitengo imene ilipo pa msika pa nthawi imene akuwerengayo.

Mphunzitsi wina ali ndi ophunzira asanu ndi mmodzi a masamu a Fomu 4, ndipo amawaphunzitsa katatu pa sabata, kutanthauza maphunziro 12 pa mwezi. Phunziro lililonse limamutengera ola limodzi lokonzekera, ola limodzi lophunzitsa ndi ola limodzi lochonga, ndipo pamodzi amakhala maola 36 pa mwezi. Pa mwezi amawononga K6,000 pa bandulo, K4,000 pa kutchajitsa, K3,000 pa makope ndi zolembera, ndi K2,000 pa zodula za kwa ejenti potapa ndalama. Amapatulanso K10,000 ya foni ina, poganiza kuti foni ya K240,000 idzatha pakapita miyezi 24. Zonsezi zikukwana K25,000. Ngati akufuna kuti ola lake limulipire K2,000, maola 36 akupanga K72,000, ndipo ndalama yonse imene gululo liyenera kubweretsa ndi K97,000. Agawe ndalamayi pa ophunzira asanu, osati asanu ndi mmodzi, popeza pafupifupi mwezi uliwonse pamapezeka wina wochedwa kulipira kapena wosiya, ndipo yankho lake ndi K19,400, imene angaikweze kufika pa K20,000 pa wophunzira aliyense.

Kawerengedwe komweka kamaonetsa pamene ntchito yayamba kulowa pansi. Olipira akatsala anayi, ndalama yolowa ndi K80,000, ndipo pochotsa K25,000 pamatsala K55,000, imene pa maola 36 ikungopitirira pang'ono K1,500 pa ola. Wophunzira wofuna kuphunzitsidwa payekha amatenga maola awiri pa phunziro, kutanthauza maola 24 pa mwezi, ndipo ngati ali yekhayo, K48,000 ya maola pamodzi ndi K25,000 ya zowononga zikupanga K73,000, mtengo umene mabanja ochepa a kumudzi angaukwanitse. Pachifukwachi gulu laling'ono ndilo limakomera mbali zonse ziwiri.

Malipiro aperekedwe mwezi usanayambe, kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo mphunzitsi akhulupirire uthenga wochokera ku kampani ndi ndalama imene ikuoneka mu akaunti yake, osati chithunzi cha uthenga chimene wina wamutumizira, chifukwa chithunzi chimapekeka mosavuta. Mabanja a ku Nsaru ndi Kabudula amakhala ndi ndalama m'manja kuyambira mu Epulo, fodya akayamba kugulitsidwa ku Kanengo ndiponso soya ndi mtedza zikayamba kukololedwa, koma kuyambira Januwale mpaka Malichi ndalama imasowa, pamene ndi nthawi imenenso a Fomu 4 amafuna thandizo kwambiri. Ndi nzeru kulola kholo kulipiriratu teremu imodzi kapena materemu awiri pa nthawi yogulitsa mbewu, ndi kulitsitsira pang'ono. Komabe mtengo usamangidwe kwa chaka chonse, popeza ndalama ya kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo mitengo ya zinthu inakwera m'masiku ochepa. Pangano likhale lakuti mtengo udzaunikidwanso pa chiyambi cha teremu iliyonse, ndiponso lakuti phunziro lolephereka chifukwa cha mphunzitsi lidzabwezedwa tsiku lina.

Kayendetsedwe ka phunziro limodzi

Phunziro limayamba m'mawa pa pepala loyera, pamene mphunzitsi amalemba chitsanzo ndi cholembera chakuda, zilembo zikuluzikulu, mizere yotalikirana, ndipo mzere uliwonse amaupatsa nambala. Pepalalo amalijambula panja pa mthunzi, foni italunjika pamwamba pake kuti zilembo zisapendeke, ndipo sayatsa HD pokhapokha ngati pali chojambula cha timizere ting'onoting'ono. Tiyerekeze kuti mutu wa tsikulo ndi maikweshoni awiri oyendera limodzi, omwe ndi masamu opeza manambala awiri osadziwika pogwiritsa ntchito ziganizo ziwiri za masamu. Pepala loyamba lingaoneke motere:

```
(1) 2x + y = 11
(2)  x - y = 1
(3) 3x = 12
(4)  x = 4
(5)  y = 3
```

Pa pepala lililonse amajambula mawu osapitirira mphindi ziwiri, chifukwa uthenga wautali umachedwa kutsika pa E ndipo wophunzira amavutika kupeza pamene sanamve. M'mawumo amatchula nambala ya mzere, monga kunena kuti: "Tayang'anani mzere woyamba ndi wachiwiri. Pamwamba pali y wophatikiza, pansi pali y wochotsera, ndiye tikaphatikiza mizere iwiriyi y athana, titsala ndi mzere wachitatu." Kulongosola kungachitike m'Chichewa, koma mawu enieni a masamu atchulidwe monga alili m'silabasi, popeza mayeso amafunsidwa m'Chingerezi. Zonsezi azitumiza maola angapo phunziro lisanayambe, kuti aliyense azitsitse pamene netiweki ya kwawo yalola.

Ola la phunziro likakwana, mphindi khumi zoyamba ndi za kuitana mayina, pamene aliyense amalemba kuti alipo ndi kunena ngati zithunzi ndi mawu zatseguka. M'mphindi 15 zotsatira, mphunzitsi amatseka gulu kuti azilemba yekha, pogwiritsa ntchito Send messages m'makonzedwe a gulu, ndipo ophunzira amamvera mawu aja akukopera chitsanzo m'makope. Kenako amatsegula gulu ndi kupereka funso limodzi loti aliyense alichite m'mphindi khumi, n'kutumiza chithunzi cha ntchito yonse, osati yankho lokha. Mphindi 15 zotsatira ndi zokambirana zolakwika, ndipo ngati onse ali pa H kapena 4G angathe kuyimbirana foni ya mawu okha, koma mawu akaduka kawiri asiye kuyimbako ndi kubwerera ku mauthenga ojambulidwa, m'malo motaya nthawi ndi kufunsana kuti "mukundimva?" Mphindi khumi zomaliza ndi zopereka ntchito ya kunyumba ya mafunso atatu kapena anayi.

Ubwino wa kuona ntchito yonse umaonekera pa chitsanzo chomwechi. Wophunzira amene wapeza x = 10 sanalote yankholo: wachotsera mzere wachiwiri ku woyamba, n'kuganiza kuti y wathana, pamene kuchotsera y wochotsera kumapereka 2y. Mphunzitsi amazunguliza mzere wolakwikawo ndi kacholembera kamene WhatsApp imapereka pa chithunzi, n'kumubwezera ndi mawu a theka la mphindi, ndipo amamuphunzitsa kuyesa yankho lake polibwezera m'mizere iwiri yoyamba ija. Makope awiri akafanana mpaka pa cholakwa ndi pa malo ofufuta, ndiye kuti wina wakopera, ndipo mankhwala ake ndi kumupempha kuti ajambule mawu ofotokoza mzere umodzi ndi pakamwa pake. Phunziro lotere, kuphatikizapo kulandira ndi kubweza zithunzi, limadyera mphunzitsi deta ya pafupifupi MB 30, kotero GB imodzi imakwana mwezi wonse, pamene maphunziro 12 a kanema angafune GB 6. Aliyense angathe kuona deta yeniyeni imene yapita pa Network usage.

Netiweki ikasowa tsiku lonse

Pali masiku amene nsanja imazima chifukwa cha magetsi kapena mvula yamkuntho, ndipo gulu liyenera kudziwiratu chochita. Pa chiyambi cha sabata mphunzitsi atumize mafunso a sabata yonse, kuti wophunzira akhale ndi chochita ngakhale intaneti palibe. Uthenga ukakhala pa wotchi, vuto lili kwa mphunzitsi ndipo asunthe kupita pa malo ake oyesedwa aja, koma ukakhala pa chongi chimodzi, vuto lili kwa wophunzira, kaya foni yazima, bandulo yatha kapena kholo lapita nayo kumsika. Pakadutsa mphindi 15 zinthu zisakusintha, uthenga wamba wa pa foni kapena foni ya mayunitsi yaifupi ndi yokwanira kudziwitsa onse tsiku limene phunziro lidzabwezedwe. Ophunzira okhala moyandikana angathe kugawana mawu ndi zithunzi pa Bluetooth, imene siifuna deta.

Chitetezo cha ana ndi mbiri ya mphunzitsi

Malamulo a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, choncho pangano lonse lipangidwe ndi kholo kapena womulera, ndipo kholo limodzi kapena awiri akhale m'gulu la phunziro monga mboni. Mphunzitsi asalemberane ndi mwana mseri usiku, asapemphe chithunzi china kupatula cha kope, ndipo asapereke nambala za ana kwa wina aliyense. Kholo kapena mwana amene waona zokayikitsa angathe kuyimba pa nambala yaulere ya 116, yothandiza ana. Mphunzitsi wa boma ayambe wafunsa kwa akuluakulu ake za malamulo a ntchito yapadera, ndipo asalipiritse ana a m'kalasi mwake pa zimene amayenera kuwaphunzitsa masana.

Likasa, kutanthauza mafunso a mayeso obedwa asanalembedwe, lisaloledwe m'gulu ngakhale pang'ono. Mu Novembala 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa dziko lonse chifukwa mapepala ena anatuluka, ndipo ophunzira onse, olakwa ndi osalakwa omwe, analembanso mu Januwale 2021. Kubera mayeso ndi mlandu, ndipo mphunzitsi amene wapezeka nazo amataya ntchitoyi pamodzi ndi dzina lake.

Mawu omaliza

Pakutha pa mwezi uliwonse mphunzitsi atumizire kholo lipoti lalifupi lonena masiku amene mwana anapezeka, ntchito imene anatumiza, ndi malikisi ake poyerekeza ndi a mayeso oyamba aja, chifukwa lipoti lotere ndilo limachititsa kholo kulipiranso ndi kuuzako anzake. Banja limene likufuna kuyamba ntchitoyi liyese kaye netiweki ya pakhomo kwa sabata imodzi, liwerengere mtengo pa pepala, ndipo liyambe ndi phunziro limodzi ndi gulu limodzi kwa teremu yathunthu lisanaganize zoonjezera lina.